Pasiwedi ya mawu wamba osankhidwa ndi dayisi iposa ya @ ndi #

Funso: Ndine mphunzitsi ku Luchenza. Pasiwedi ya imelo yanga ndinaipanga motere: ndinatenga dzina la phiri la kwathu, a n'kumusandutsa @, e n'kumusandutsa 3, kumapeto n'kuikako # ndi chaka. Mwana wa achemwali anga yemwe akuphunzira zamakompyuta wandiseka, akuti bola kungolumikiza mawu wamba angapo. Zoona mawu oti aliyense amawadziwa angapose zizindikiro? Ngati zili choncho, ndiwasankhe bwanji kuti ndisawaiwale?

Yankho: Aphunzitsi, mphwanuyo wakusekani mopanda ulemu, koma wanena zoona. Tiyeni tiyambire kwa wakuba, chifukwa tikaona mmene iye amagwirira ntchito, zina zonse zimveka zokha.

Ambiri timaganiza kuti wakuba amakhala pa tsamba lolowera n'kumalemba pasiwedi imodziimodzi ngati munthu woyesa makiyi pa loko. Kumeneko sapita patali, poti akalakwitsa kangapo tsambalo limamuchedwetsa kapena kumutsekera. N'chifukwa chake nambala yachinsinsi ya manambala anayi okha imatha kuteteza ndalama za pa foni: manambala anayi amangopereka njira 10,000, koma wakuba amaloledwa kuyesa kochepa chabe. Vuto lenileni limabwera kampani ina ikabeledwa nkhokwe yonse ya mapasiwedi a anthu ake. Makampani osamala sasunga pasiwedi yanu mmene munailembera. Amaipera ndi masamu n'kusunga chotsatira chake, chomwe timachitcha hashi. Hashi ili ngati ufa: sungaubweze kukhala chimanga. Koma wakuba atha kutenga mawu ongoganizira, kuwapera pa chigayo chomwecho, n'kuona ngati ufa wake wafanana ndi wanu. Izi amachitira pa kompyuta yake, kunyumba kwake, popanda womuletsa. Ngati kampaniyo inagwiritsa ntchito kaperedwe kakale kofulumira monga MD5, kompyuta imodzi yokhala ndi khadi lamphamvu la zithunzi, lija la masewero a pa kompyuta, imayesa mapasiwedi oposa 100 biliyoni pa sekondi imodzi. Nambala imeneyi muisunge, tiigwiritsa ntchito.

Ndiye sayesa mwachisawawa ayi. Amayamba ndi zimene anthu amakonda. Mu 2009 kampani ya RockYou inabeledwa mapasiwedi pafupifupi 32 miliyoni omwe inkawasunga osapera n'komwe, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofuna atha kuona mmene anthu enieni amapangira mapasiwedi. Chimene chinaoneka n'chakuti tonse timachenjera mofanana. Chilembo chachikulu timachiika koyambirira. Nambala timaiika kumapeto, ndipo kawirikawiri imakhala chaka. Pa a timaika @, pa e timaika 3, pa o timaika 0, pa s timaika $. Mapulogalamu othyolera mapasiwedi monga hashcat ndi John the Ripper amabwera ndi malamulo okonzedwa kale oti liwu lililonse la pa mndandanda aliyese m'maonekedwe onsewa.

Tiwerengere limodzi, ndi pasiwedi yofanana ndi yanu: `Mul@nj3#2019`. Tinene kuti wakuba ali ndi mndandanda wa mawu miliyoni imodzi, muli mayina a anthu, a malo, a matimu a mpira, ndipo Mulanje sangasowemo. Chilembo choyamba chikhala chachikulu kapena chaching'ono, njira ziwiri. Kusintha a kapena kumusiya, kusintha e kapena kumusiya, njira zinayi. Chizindikiro cha pakati, tinene njira 30. Chaka, tinene njira 100. Mukachulukitsa zonsezi mupeza 24 biliyoni. Ikumveka nambala yoopsa, koma pa liwiro lija sikwana ngakhale theka la sekondi. Ndipo taonani gawo la @ ndi 3 m'masamu amenewa: ziwirizo pamodzi zangochulukitsa ntchito ya wakuba kanayi. Inu zimakuvutani kukumbukira kuti kodi 3 uja ndinamuika pati, pomwe kompyuta sizikuivuta m'pang'ono pomwe.

Musadziimbe mlandu. Uphungu wa zizindikiro unachokera kwa akatswiri enieni. Bill Burr, yemwe ankagwira ntchito ku NIST, bungwe la boma la Amereka loona za miyezo, ndi amene analemba malangizo amene anafalitsa khalidweli cha m'ma 2003, ndipo mu 2017, atapuma pa ntchito, anavomera poyera kuti zambiri mwa izo akunong'oneza nazo bondo. Chaka chomwecho NIST inatulutsa malangizo atsopano ouza eni masamba kuti asiye kukakamiza anthu kusakaniza zizindikiro, asiye kuwasinthitsa pasiwedi miyezi ingapo iliyonse popanda chifukwa, ndipo azilola mapasiwedi aatali mpaka zilembo 64 kapena kuposa. Kungoti masamba ambiri akadali ndi malamulo akale aja.

Pano ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene mphwanuyo mwina sanafotokoze. Kutalika pakokha si mankhwala. `mulanjemulanjemulanje` ndi yaitali koma n'chimodzimodzi kusiya chitseko chotsegula. Mwambi monga walira mvula walira matope uli ndi zilembo zoposa 20, koma kwa wakuba ndi chinthu chimodzi chokha pa mndandanda wa miyambi, ndipo ngakhale miyambi ya Chichewa ikanakhala miliyoni, yonse ikanatha kuyesedwa musanaphethire. Mavesi, mizere ya nyimbo, mayina a ana anu motsatana, zonsezi n'chimodzimodzi. Ena amati Chichewa chokhacho ndi chitetezo poti akuba ambiri ndi akunja. Chimathandizako pang'ono, koma ine sindingachidalire. Zolembedwa m'Chichewa zilipo pa intaneti zoti munthu n'kutolamo mawu, komanso amene akufuna imelo yanu mwina ndi munthu amene mumadya naye nsima. Chimene chimalimbitsa pasiwedi ndi kuchuluka kwa zisankho zimene zinachitika mwamwayi, zopanda dzanja la munthu. Mutu wa munthu sutha kusankha mwamwayi. Ndikakuuzani kuti tchulani mawu asanu aliwonse, mutchula choko, bolodi, ana, malipiro ndi tiyi, ndipo aliyense wokudziwani akhoza kulota atatu mwa amenewa.

Choncho ntchito yosankha timaipereka kwa dayisi, yomwe ija ya ludo. Njirayi anaifalitsa Arnold Reinhold mu 1995 ndipo anaitcha Diceware. Pali mndandanda wa mawu 7,776, ndipo liwu lililonse lili ndi nambala yake ya manambala asanu, kuyambira 11111 mpaka 66666. Nambala ya 7,776 si yongopeka: dayisi ili ndi mbali zisanu ndi imodzi, ndipo mukaiponya kasanu, njira zimene ingagwere ndi 6 × 6 × 6 × 6 × 6, zomwe ndi 7,776. Mumaponya kasanu, kulemba manambalawo, n'kuyang'ana liwu lake. Bungwe la EFF, loteteza ufulu wa anthu pa intaneti, linatulutsa mndandanda wake wa Chingerezi mu 2016, wa mawu odziwika bwino kuposa a pa mndandanda woyamba uja, ndipo umapezeka kwaulere. Pa umenewo 11111 ndi `abacus`, 66666 ndi `zoom`.

Tsopano yerekezani. Kuika @ kumachulukitsa ntchito ya wakuba kawiri. Kuwonjezera liwu limodzi la dayisi kumaichulukitsa ka 7,776. Tinene kuti wakuba akudziwa njira yanu, ali ndi mndandanda womwewo m'manja, ndipo akuyesa pa liwiro lija la 100 biliyoni pa sekondi. Mawu anayi amutengera maola pafupifupi khumi kuti ayese njira zonse. Mawu asanu, zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Mawu asanu ndi limodzi, zaka pafupifupi 70,000. Kunena zoona, nthawi zambiri angaipeze atafika cha pakati, ndiye muzigawa pawiri, koma zaka 35,000 zikadali zambiri kwa mphunzitsi amene akudikira penshoni. Reinhold mwiniwake poyamba ankati mawu asanu akwanira, koma mu 2014 anakweza kufika pa asanu ndi limodzi chifukwa makompyuta anali atafulumira. Masamba abwino amagwiritsa ntchito kaperedwe kochedwa dala monga bcrypt, komwe wakuba amangoyesa masauzande pa sekondi m'malo mwa mabiliyoni, koma inu simungadziwe kuti tsamba lanu likupera motani, ndiye ndi bwino kuwerengera zoipitsitsa.

Mfundo imene ndimaikonda pa njira imeneyi ndi yakuti mphamvu yake mutha kuiwerenga ndi zala. Mawu asanu ndi limodzi, lililonse kuponya kasanu, ndiye kuti mwaponya dayisi ka 30. Mphamvu yonse ili m'kuponya ka 30 kumeneko. Mawuwo ndi chotengera chabe, chothandiza kuti mutu wanu unyamule manambala 30 osatopa. Ndiye ngati mawu a Chingerezi amakuvutani kalembedwe, kapena sakupatsani chithunzi m'maganizo, palibe choletsa kupanga mndandanda wanu wa Chichewa, bola kuponya kukwane 30.

Ine ndinachita chonchi. Ndinatenga kope la masamu n'kusankha masamba asanu ndi limodzi. Tsamba lililonse ndinalijambula mizere isanu ndi umodzi yopingasa ndi isanu ndi umodzi yotsika, kupanga timabokosi 36. Masamba onse pamodzi ndi timabokosi 216, ndipo m'kabokosi kalikonse ndinalemba liwu limodzi. Kuti mawu abwere msanga ndinagawa masambawo: loyamba za kumunda, lachiwiri za kukhitchini, lachitatu nyama, lachinayi zovala, lachisanu za m'nyumba, lomaliza za kunyanja. Liwu lililonse limafuna kuponya katatu: koyamba kusankha tsamba, kachiwiri mzere wopingasa, kachitatu mzere wotsika. Mawu khumi, lililonse katatu, ndi 30 yomwe ija. Mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi mawu asanu ndi limodzi a pa mndandanda waukulu uja, osati kungoyandikira. Mtengo wake ndi wakuti mumalemba mawu ochulukirapo. Amene ali ndi khama lolemba mawu 1,296 aziponya kanayi pa liwu lililonse, ndipo mawu asanu ndi atatu amukwanira ndi kutsalako.

Polemba mndandandawo pali tinthu tina ta chinenero chathu toti musamale nato. Sankhani mayina a zinthu zooneka ndi maso, afupiafupi, a zilembo zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri. Musaike mpando ndi mipando pa mndandanda umodzi, chifukwa pakatha mwezi simudzakumbukira kuti unali umodzi kapena yambiri. Siyani mawu amene inu nomwe mumawalemba pawiri, lero nyerere mawa nyelere, lero nthochi mawa ntochi. Siyaninso mawu okhala ndi ŵ, komanso okhala ndi kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe ndi ng'oma, chifukwa pa makiyibodi ena kamatuluka koongoka, pa ena kopindika, ndipo kompyuta imationa ngati tizilembo tiwiri tosiyana. Kopelo silifunika kubisidwa. Masamu onse aja tawerengera kuti wakuba ali nalo kale.

Nachi chitsanzo, ndipo poti chalembedwa pano, chafa, musachigwiritse ntchito. Kuponya koyamba kunandipatsa 1, 4, 2: tsamba la kumunda, mzere wachinayi, kabokosi kachiwiri, khasu. Kenako 6, 1, 5, utaka. Kenako 2, 2, 6, ndowa. Ndinapitiriza mpaka mawu khumi:

```
khasu-utaka-ndowa-fisi-tayi-mpando-mpeni-sopo-mango-bwato
```

Zilembo zonse pamodzi ndi timizere tapakati ndi 57, ndipo zonse ndi zazing'ono, choncho pa foni simuvutika ndi zilembo zazikulu. Timizereto sitiwonjezera mphamvu yodalirika, ntchito yake ndi kulekanitsa mawu kuti maso aone pamene muli, komanso kuti mawu awiri asaphatikizane n'kuoneka ngati limodzi, monga bwana ndi mkubwa. Mutha kuika mpata kapena dontho, bola chikhale chimodzimodzi nthawi zonse.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera ntchito yabwino. Dayisi ikakupatsani fisi, musati fisi sindimukonda, ndiponyenso. Mukangoyamba kukana mawu, mwabwezera kusankha m'mutu mwanu, ndipo mndandanda wa mawu 216 wasanduka wa mawu makumi ochepa amene mumawakonda. Liwu likabwera kawiri, lilandireni, mwayi umatero. Musasinthenso ndondomeko yake kuti imveke bwino. Mawu khumi osiyana atha kusanjidwa m'njira 3,628,800, ndipo ndondomeko imene dayisi yapereka ndi gawo la mphamvu yake. Munthu akawasanja motsatira alifabeti kuti asavutike, ndipo wakuba n'kuganizira zimenezo, zaka 70,000 zija zimatsika kufika pa sabata imodzi. Gwiritsani ntchito dayisi yeniyeni yosabenthuka, muiponye kuchokera m'kapu kuti igubuduke, ndipo musafunse tsamba lililonse la pa intaneti losadziwika kuti likupangireni mawuwo, poti simudziwa ngati likuwasunga. Mapulogalamu odziwika osungira mapasiwedi monga Bitwarden ndi KeePassXC ali ndi chopangira mawu otere, ndipo amenewo ndi odalirika.

Kukumbukira ndiye ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ngati mphunzitsi, sindikuphunzitsani zambiri. Dulani mawuwo m'timagulu n'kupanga zithunzi zopusa m'maganizo, motsatira ndondomeko yake: khasu likuvundula utaka mu ndowa, fisi wavala tayi wakhala pa mpando, mpeni ukudula sopo, mango adzaza bwato. Zithunzi zinayi basi. Mawu olumikizira aja, likuvundula, wavala, amakhala m'mutu mokha, simuwalemba. Chithunzi chikakhala chopusa kwambiri m'pamene chimamatirira, fisi wa tayi saiwalika. Lembani mawuwo pa kapepala, osalembapo kuti ndi a chiyani, mukaike komwe mumasunga ziphaso zanu. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri muzituluka mu imelo dala n'kulowanso kawiri patsiku, mukuyamba mwayesa kuchokera m'mutu musanasuzumire pa pepala. Zala zimaphunzira msanga kuposa mmene mungaganizire. Choopsa chake n'chakuti foni imakusungirani kulowa kwa miyezi yambiri, ndiye pasiwedi yosagwiritsidwa ntchito imafufutika m'mutu, mumadzazindukira tsiku limene foni yagwera m'madzi. Pa chifukwa chimenechi ine kapepalako sindikang'amba. Kapepala ka m'sutikesi wakuba wa pa intaneti sangakafikire. Koipa ndi kuimata pansi pa kiyibodi mu ofesi ya aphunzitsi, kapena kuisunga ngati uthenga pa foni yomweyo.

Mudzakumana ndi masamba amakani. Lina lidzati payenera kukhala chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro. Lipatseni zofuna zake: kulitsani chilembo choyamba, kumapeto ikani `7!`, basi. Sizichotsa kanthu, ndipo musaziwerengere ngati mphamvu. Lina lidzati zilembo zisapitirire 16 kapena 20. Pamenepo mawu sakwana, ndiye lolani pulogalamu yosungira mapasiwedi ikupangireni zilembo zosakanizika mwamwayi zodzaza malire onsewo. Samalaninso ndi masamba amene amadula pasiwedi mwakachetechete: ngati mwaiika kumene koma ikukana kulowa, kapena ikulowa ngakhale mwasiya mawu omaliza, dziwani kuti yadulidwa. Pa Wi-Fi ya kunyumba malire ndi zilembo 63, ndiye chitsanzo chathu chija chikukwana.

Simufunika mawu khumi pa tsamba lililonse, ndipo palibe mutu umene ungasunge mapasiwedi otere 20. Ine ndimaloweza awiri okha: wa imelo yaikulu, poti imelo ndi kumene masamba ena onse amatumiza uthenga mukaiwala pasiwedi, ndi wotsegulira pulogalamu yosungira mapasiwedi. Ena onse amakhala m'pulogalamumo, aliyense wosiyana ndi mnzake. Kusiyanako musakupeputse. Mukagwiritsa ntchito mawu omwewo pa imelo ndi pa katsamba kena kosasamala ngati RockYou ija, katsambako kakabeledwa, wakuba safunika zaka 70,000, amangowerenga n'kukayesa pa imelo yanu. Tsamba la Have I Been Pwned limakuuzani ngati adiresi ya imelo yanu ili m'gulu la nkhokwe zobedwa zodziwika, ndipo mukaipeza m'menemo, sinthani pasiwedi ya tsamba lotchulidwalo ndi kwina kulikonse komwe munaibwereza.

Palinso mbava zimene dayisi siingaziletse. Wina akakutumizirani uthenga wokhala ndi tsamba lofanana ndi la imelo yanu, inu n'kulembamo mawu khumi onse, mwamupatsa nokha. Wina akakuimbirani kuti ndi wa ku kampani ya foni kapena ku likulu la maphunziro, akufuna pasiwedi kuti akukonzereni zinazake, dulani foni. Kompyuta ya malo olipiritsa intaneti kapena ya mnzanu itha kukhala ndi kapulogalamu kojambula chilichonse cholembedwa pa kiyibodi. Pa zimenezi chothandiza ndi kutsegula chitsimikizo chachiwiri, chija chofuna nambala yosinthasintha kuwonjezera pa pasiwedi, makamaka chochokera pa pulogalamu ya pa foni osati pa uthenga wa pa nambala yanu, chifukwa simu khadi anthu amatha kuilanda poisinthitsa mwachinyengo.

Pasiwedi yanu yakale ija musinthe lero, poti pofunsa funsoli mwaulula phiri, @, 3, # ndi chaka kwa aliyense wowerenga, ndipo phiri loyandikira Luchenza tonse tikulidziwa. Mukasintha, lowani m'makonzedwe a imeloyo muone mndandanda wa mafoni ndi makompyuta amene analowapo, muchotse aliyense amene simukumudziwa. Dayisi mubwereke kwa ana, koma muponye muli nokha.